Mbiri yachidule ya wolankhula pa zokambirana: mafunso ndi mayankho

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikutsogolera zokambirana kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, m'maholo a paboma, m'makalasi a sukulu, nthawi zina pansi pa mtengo. Anthu atatu kapena anayi amakhala kutsogolo, ine nkumawafunsa mafunso gulu likumvetsera. Tisanayambe ndimayenera kuuza anthu kuti akhala kutsogolowa ndi ndani, ndipo ndimawerenga zimene eni akewo kapena okonza msonkhano andilembera. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene oitanidwa kudzalankhula amandifunsa kawirikawiri akauzidwa kuti atumize mbiri yawo yachidule.

Kodi mbiri imeneyi si yofanana ndi imene timalemba pofunsira ntchito?

Ayi. Pepala lofunsira ntchito limawerengedwa ndi maso. Wowerengayo akhoza kudumpha mzere, kubwerera m'mbuyo, kapena kuima kaye nkumwa tiyi. Mbiri ya pa zokambirana imatuluka m'kamwa mwa munthu wina nkukalowa m'makutu a anthu amene akuimva kamodzi kokha. Wakhala kumbuyo kwa holo akaphonya liwu, laphonyeka basi.

Ntchito yakenso ndi imodzi. Ikuyankha funso limene aliyense m'gulumo ali nalo mumtima: n'chifukwa chiyani timvere munthu uyu pa nkhani ya leroyi? Ngati mutu ndi mbewu ya mbatata ya kachewere, anthu akufuna kudziwa kuti mbatata mwaidziwira kuti. Zoti munakhalapo mlembi wa komiti ya mpira n'zoona, koma zisungeni, tsiku lake lidzafika.

Ikhale yaitali bwanji?

Mawu 50 mpaka 70, m'ziganizo zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zazifupi. Ine ndikamawerenga modekha pa chimkuzamawu, mawu 60 a Chichewa amanditengera masekondi pafupifupi 40. Mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi ngati "anawaphunzitsanso" lanyamula zimene m'zilankhulo zina zimafuna mawu anayi, choncho okonza msonkhano akakuuzani kuti mawu 100, dziwani kuti m'Chichewa imeneyo ndi mphindi yathunthu kapena kuposerapo.

Tawerengetserani nokha. Zokambirana zapatsidwa ola limodzi, olankhula alipo anayi. Aliyense akabweretsa tsamba lodzaza lotenga mphindi zitatu, zapita mphindi 12. Onjezani pemphero ndi malonje a akuluakulu, mupeza kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi latha munthu asanayankhe funso ngakhale limodzi. Amene amalipira mphindi zimenezi ndi anthu a m'gulu, chifukwa nthawi ikathina chimene timadula ndi mafunso awo. Mayi wachoka m'mamawa ku Lobi kapena ku Kasinje ndi funso lake, nkubwerera nalo osalifunsa. Pamene mbiri zinayi za masekondi 40 sizikwana n'komwe mphindi zitatu.

Ndiikemo chiyani, ndipo ndiyambe ndi chiti?

Yambani ndi dzina ndi ntchito imene mukugwira panopa, pamodzi ndi dera. Chiganizo chimenechi chikhale chophweka kuposa zonse, chifukwa pa nthawiyo anthu amakhala akukuyang'anani nkhope, ena akukhazikika pampando. Kwathu kuno munthu amadziwika ndi kumene achokera, ndiye kutchula kuti wa ku Tsangano, wa ku Mtakataka kapena wa kwa Njolomole kumathandiza kuti omvera akuikeni pamalo. Dera limodzi n'lokwanira. Mudzi, gulupu, mfumu yaikulu ndi boma zonse pamodzi ndi za pa chiphaso.

Kenako nenani chimene chimakulumikizani ndi mutu wa tsikulo. Apa ndi pamene pali mtima wa mbiri yonse, ndipo ndi pamene ambiri amalembapo mawu opanda kanthu. "Ali ndi luso lochuluka pa nkhani za ulimi" sizikutiuza chilichonse, pakuti aliyense wakhala kutsogoloko tinganene choncho. Tiuzeni chinthu chimodzi chogwirika chimene munachita ndi manja anu kapena chimene mumachita sabata ndi sabata. Namwino anene kuti amayendetsa sikelo ya ana m'midzi ya kuseri kwa phiri. Wa zankhalango anene kuti amayang'anira nazale ya mbande. Omvera akaona chithunzi m'maganizo, amayamba kukonza mafunso.

Pomaliza, chiganizo chimodzi chonena zimene mwabwera nazo lero, kenako dzina lanu kachiwiri. Kubwereza dzina kumapeto kuli ndi ntchito ziwiri. Amene sanalimve poyamba amalimva, ndipo gulu limadziwa kuti apa ndi pomwe pathera, manja awombedwe. Mbiri yothera m'malere imasiya kachete kosautsa, wina nkuwomba m'manja yekha, ena nkumayang'anana.

Mungationetse chitsanzo chenicheni?

Chitsanzo ichi ndachiumba potengera mapepala ambiri amene ndalandirapo, ndipo dzina ndaika la "Uje". Tinene kuti pa Dedza boma pali zokambirana za mbewu ya kachewere, ndipo mmodzi mwa olankhula ndi mayi wa ku Bembeke. Pepala lawo loyamba likubwera chonchi:

"Ine ndine Uje, ndinabadwa pa 3/6/1979 m'mudzi mwa Uje, T/A Kamenyagwaza, Dedza. Ndine wachitatu m'banja la ana 8. Sukulu ndinalekeza fomu 2. Ndili pabanja ndipo ndili ndi ana 5. Ndakhalapo membala wa VDC (2012-2016), msungichuma wa banki m'khonde komanso wapampando wa kalabu ya alimi, ndipo ndachita maphunziro osiyanasiyana okhudza ulimi wamakono mothandizidwa ndi alangizi komanso mabungwe osiyanasiyana amene amagwira ntchito m'dera lathu. Ndimalima chimanga, nyemba, kabichi, mbatata ndi zina zambiri. Ndimakonda kuimba kwaya."

Palibe bodza m'menemu, ndipo mayiwa alemba mwaulemu zonse zimene anazolowera kufunsidwa. Koma taliwerengani mokweza. Pa tsiku lobadwa muima kuti muganize ngati 3/6 ndi Juni kapena Malichi. Pa T/A ndi VDC muyenera kusankha kutchula zilembo kapena kumasulira. Zaka zili m'mikutiramawuzo simudziwa kuti muziwerenge kapena muzidumphe. Chiganizo cha maudindocho mpweya ukutherani pakati. Ndipo mukafika kumapeto, mbatata yatchulidwa kamodzi kokha, pakati pa kabichi ndi "zina zambiri", chonsecho ndi imene yatisonkhanitsa.

Zikatere ndimaimba foni nkufunsa mafunso atatu. Mbatata mwalima nthawi yaitali bwanji? Mumachita chiyani chosiyana ndi anzanu? Alipo amene anatengera kwa inu? Tinene kuti mayiwa ayankha kuti mbewu sagula pamsika, amayendera munda mbatata ikali yobiriwira, nkukhoma tizikhomo pa mapando amene sakufota ndiponso alibe masamba opiringizika, ndipo pokolola amayamba akumba amenewo nkusunga padera. Nkhani yonse inali pamenepa, koma sanailembe chifukwa kwa iwo ndi ntchito wamba. Mbiri yachiwiri ikutuluka chonchi:

"Amene akhala pakatiwo ndi mayi Uje, mlimi wa ku Bembeke, kwa Inkosi Kamenyagwaza. Akhala akulima mbatata ya kachewere kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu. Mbewu sagula pamsika. Amasankha okha m'munda mwawo, poika zikhomo pa mapando athanzi masamba asanaume. Njirayi aphunzitsa alimi anzawo a m'midzi inayi. Lero atiuza mmene amadziwira phando loyenera kusunga. Mayi Uje, takulandirani."

Mawu sakufika 60. Tsiku lobadwa, ana, sukulu ndi kwaya zachoka. Udindo wa mu komiti ya chitukuko wachokanso, koma ukanabwerera zikanakhala kuti mutu ndi wa chitukuko cha m'midzi. Onani kachiganizo ka mawu atatu kaja, "Mbewu sagula pamsika." Ndakaika dala pakati kuti wowerenga apumirepo, komanso chifukwa mlimi aliyense amene anagulapo mbewu pamsika nkukaona ikufota m'munda adzutsa mutu akakamva.

Ndilembe kuti "ine" kapena "iwo"?

Lembani ngati mukunena za munthu wina, ndiponso mwaulemu umene wotsogolera angakupatseni pagulu: "Bambo Uje ndi mphunzitsi", "iwo amayang'anira", "akhala akugwira". Ndikudziwa kuti zimamveka zachilendo kudzilemba wekha kuti "iwo", koma mawuwo si inu mukawalankhule. Ndinaonapo wotsogolera wina, bambo wamkulu ndithu, atapatsidwa pepala pomwepo nkuyamba kuwerenga kuti "Ndine mayi wa ana anayi". Holo yonse inaseka, ndipo amene anachita manyazi kwambiri ndi mayi mwini mbiriyo, amene anali asanalankhulepo pagulu lalikulu chotero. Wotsogolera wozolowera amatembenuza "ndi-" kukhala "a-" akuwerenga, koma m'Chichewa kusinthako kumakhudza pafupifupi mneni aliyense, ndiponso "wanga" ayenera kukhala "wawo", "kwathu" kukhala "kwawo". Penapake adzaphonya ndithu.

Ndimachita manyazi kudzitama. Nditani?

Manyazi amenewa ndimawamvetsa, ndipo si oipa. Tinakula tikuuzidwa kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Koma taonani kumene kudzitama kumakhala. Kumakhala m'mawu oyamikira, monga katswiri, kadaulo, wodziwika bwino, wolimbikira ntchito, wosayerekezeka. Chotsani onsewo, musiye zimene zinachitika. "Anayambitsa nazale ya mitengo pasukulu pawo" si kudzitama, ndi umboni, ndipo aliyense akhoza kupita kukaona. Kuyamikira musiyireni wotsogolera ndi omvera.

Vuto limene ndimakumana nalo kwambiri kuno si la odzikweza, koma la odzichepetsa mopitirira. Alimi, amayi a m'magulu, achinyamata, amalemba kuti "ndine mlimi chabe" kapena "sindinapite patali ndi sukulu". Mawu amenewa akawerengedwa pa chimkuzamawu amauza gulu kuti uyu musamumvere kwenikweni. Okonza msonkhano anakuitanani chifukwa pali chimene mukudziwa. Ngati zikukuvutani kuchipeza, funsani mnzanu amene mumagwira naye ntchito kuti, "Ukanati undifotokoze kwa mlendo, ukanati chiyani?" Zimene anene mulembe.

Nanga maudindo, madigiri ndi ulemu wa mafumu?

Funso ili ndi limene limabweretsa madandaulo ambiri msonkhano ukatha, choncho ndichedwapo pang'ono.

Udindo umene munthu amaitanidwa nawo tsiku ndi tsiku uyenera kukhalapo, ndipo ulembedwe mmene unenedwere. Lembani "Dokotala Uje", "Abusa Uje", "Bambo mfumu Uje", "Shehe Uje", "Khansala Uje", osati zidule za zilembo ziwiri zokhala ndi kadontho. Zilembo za madigiri zimene zimaikidwa kumapeto kwa dzina zisiyeni, chifukwa palibe njira yabwino yoziwerengera mokweza. Ngati maphunzirowo akukhudza mutu, anenedwe m'chiganizo: "Anaphunzira za ulimi ku Bunda", kapena "Anaphunzira za nkhalango ku koleji ya ku Chongoni". Sukulu imodzi yokha, imene ikugwirizana ndi nkhaniyo. Anthu ambiri akamva kuti Bunda amadziwa msanga kusiyana ndi kuwatchulira dzina lonse la yunivesite ya LUANAR.

Pa mafumu, Dedza ndi Ntcheu ndi maboma ofuna kusamala, chifukwa muli mafumu achingoni, achichewa ndi achiyao moyandikana. Mfumu yachingoni timati Inkosi, ndipo Gomani ndi Inkosi ya Makhosi. Kwa mafumu achichewa mumamva anthu akuti Gogo Chalo. Musaganizire nokha. Funsani mlembi wa mfumuyo kapena nduna zake kuti pagulu amatchulidwa bwanji, ndipo funsaninso ngati ndi nyakwawa, gulupu kapena mfumu yaikulu, chifukwa ufumu umakwezedwa ndipo pepala la chaka chatha likhoza kukhala lotsalira. Kutsitsa mfumu pagulu, ngakhale mosadziwa, ndi nkhani imene imakafika kutali. Mfumu ikakhala mmodzi wa olankhula imatchulidwa ndi dzina la ufumu, osati dzina lake lobadwa nalo, pokhapokha itapempha yokha.

Za mfunda, funsani mwini wake. Alipo amayi amene amakondwa kumva "Naphiri", "Nabanda" kapena "Nangozo" pagulu, ndipo liwu limodzi lomwelo limafewetsa holo yonse. Ena amafuna dzina la kuntchito lokha. Chimene ndimakana ine ndi kufotokoza mayi kudzera mwa amuna awo, kuti "awa ndi akazi a bambo Uje", pamene aitanidwa chifukwa cha ntchito yawo. Ndipo ngati mbiri za abambo sizikutchula za banja ndi ana, ya mayi isatchulenso.

Chinanso chimene ndimachiona ngati chilungamo: mbiri zonse za pa gulu limodzi zikhale zotalika mofanana. Mukapatsa mkulu wochokera ku Lilongwe mphindi ziwiri, mlimi wa ku Bembeke nkumupatsa chiganizo chimodzi, mwauza kale anthu kuti wofunika ndi uti. Mafunso onse adzapita kwa mkuluyo, mlimi nkukhala duu mpaka kumapeto, pamene mwina yankho lenileni linali ndi iye. Ndikalandira mbiri zosiyana chotero ndimadula yaitaliyo ndi kuimbira foni mwini yaifupiyo.

Manambala ndi zaka ndizilembe bwanji?

Chepetsani, nambala imodzi kapena ziwiri basi. Tonse tikudziwa kuti chaka ngati 2009 timachitchula m'Chingerezi ngakhale tikulankhula Chichewa, ndipo womvera amayamba kuchotsera m'mutu kuti apeze kuti papita zaka zingati. Muchitireni masamuwo: "kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu". Nambala ngati 17 kapena 28 imaimitsa wowerenga, chifukwa ayenera kusankha pakati pa kuitchula m'Chingerezi ndi kuyamba "makumi awiri, zisanu ndi zitatu". Ngati nambala yeniyeniyo si yofunika, lembani "pafupifupi makumi atatu". Ngati ndi yofunika, ilembeni m'mawu mmene mukufunira kuti imveke. Pozungulitsa nambala musakweze: zaka 17 ndi "zoposa khumi ndi zisanu", osati "makumi awiri". M'holomo mumakhala anthu okudziwani.

Gwiritsani miyeso imene omvera amagwiritsa ntchito. Kwa alimi a kuno maekala, matumba ndi ndowa zimamveka msanga kuposa mahekitala ndi matani.

Mayina a mabungwe ndi zidule za m'maofesi nditani nazo?

Zidule zina zinasanduka mawu, ndipo aliyense amazidziwa, monga Adimaki. Zimenezo zilibe vuto. Koma zambiri zimadziwika ndi a m'maofesi okha. M'malo mwa AEDO lembani "mlangizi wa zaulimi". M'malo mwa HSA lembani "mlangizi wa zaumoyo". VDC ndi "komiti ya chitukuko ya m'mudzi", DC ndi "bwanamkubwa". Mukatero mwathandiza wowerenga ndi womvera nthawi imodzi.

Dzina la bungwe likakhala lalitali ndiponso la m'Chingerezi, litchulidwe kamodzi, kenako muzingoti "bungweli". Onjezani mawu ochepa onena chimene limachita, monga "bungwe lothandiza alimi kupeza misika", chifukwa dzina lokha silimuuza kanthu munthu amene sanalimvepo. Maudindo a m'mabungwe nawo amavuta kumasulira liwu ndi liwu. Musalimbane nawo. Nenani ntchito imene munthuyo amagwira: amayendera magulu, amaphunzitsa, amalondoloza ndalama.

Dzina langa anthu amalilakwitsa. Ndingathandize bwanji wotsogolera?

Lembani katchulidwe kake pamzere wapadera pamwamba pa mbiri, mutaligawa m'maphatikizo, ndipo ngati n'kotheka tumizani uthenga wa mawu pa WhatsApp mukulitchula kawiri pang'onopang'ono. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika timalemba mofanana, ndipo mayina enanso ali choncho, moti ngakhale Mchewa mnzanu akhoza kuliphonya ngati sanalimvepo. Mayina ena achingoni ali ndi zilembo ngati "hl" ndi "dl" zimene ambiri a ife sitinazolowere. Wotsogolera akakhala mlendo wozolowera Chingerezi, muuzeni kuti "ph" wa mu Kaphuka kapena Phambala si "f". Samalaninso kankhodolero ka mu "ng'", chifukwa mafoni ena amakachotsa, dzina nkusintha.

Kwa anzanga otsogolera: pitani kwa wolankhula aliyense mwambo usanayambe, mutchule dzina lake iye akumva, akukonzeni pa awiri. Zimatenga mphindi imodzi.

Msonkhano ukhala wa zilankhulo ziwiri. Ndingomasulira ya Chingerezi ija?

Lembani ziwiri, iliyonse payokha. Mbiri yomasuliridwa mzere ndi mzere imadziwika ndi kulemera kwake: ziganizo zimayamba ndi mawu ambirimbiri ofotokoza munthu dzina lake lisanatchulidwe, ndipo mumadzaza "komanso", "kudzera mu" ndi "pofuna kuonetsetsa kuti". Ikani pepala la Chingerezilo pambali, muyerekeze kuti mukuuza azakhali anu kuti munthuyu ndi ndani, mulembe zimenezo. Musayembekezere kuti wotsogolera amasulira ali chiimire. Ena amatha, koma amatalikitsa, ndipo udindo wanu akhoza kuumasulira mmene simukufunira. Funsaninso okonza msonkhano kuti ziwerengedwa zonse ziwiri kapena imodzi. Ngati ndi zonse, iliyonse ifupikitsidwe kufika mawu 40.

Ndidziwa bwanji kuti yakonzeka?

Iwerengeni mokweza mutaimirira, osati chamumtima. Paliponse pamene mpweya wakutherani chiganizo chisanathe, dulani pakhale ziganizo ziwiri. Paliponse pamene lilime lapunthwa, sinthani liwulo, chifukwa ngati mwini wake mwapunthwa, mlendo adzagwa. Mawu oyamba ndi maphatikizo ofanana akatsatizana, monga "akhala akuthandiza akuluakulu a m'makalabu", amaoneka bwino papepala koma amakola pakamwa.

Kenako perekani pepalalo kwa munthu amene sanalionepo, mwana wa sekondale ngakhale, awerenge inu mutatseka maso ndi foni ikuwerenga masekondi. Musamuthandize akakakamira, ingoikani chizindikiro pamalopo. Akamaliza, funsani munthu wachitatu amene amangomvetsera kuti, "Wagwirapo chiyani?" Akatchula dzina, dera ndi chinthu chimodzi chija chokhudza mutu, mbiri yatheka. Akati "ndi munthu wa maudindo ambiri", bwererani mukadule.

Nditumize liti, ndipo motani?

Masiku awiri kapena atatu msonkhano usanachitike, kuti wotsogolera apeze mpata woyeserera ndi kukufunsani pamene sanamvetse. Tumizani ngati uthenga wolemba, osati chithunzi cha pepala lolembedwa pamanja, chifukwa chithunzi sichikopereka ndipo nthawi zambiri chimakhala chosaoneka bwino m'mbali. Pamwamba lembani dzina la msonkhano ndi tsiku, kuti isasokonezeke ndi ya msonkhano wina. Mbiri imene munagwiritsa ntchito chaka chatha iwerengeninso musanatumize. Mwina munasamutsidwa kuchoka ku Linthipe kupita ku Golomoti, mwina mutu wa lero ndi wina.

Okonza msonkhano asindikize mbiri zonse pa pepala, zilembo zikuluzikulu za saizi 14 kapena 16, mizere yotalikirana, chiganizo chilichonse kuyambira pa mzere wake. Azisanje motsata mmene anthu akhalire, kuyambira kumanja kapena kumanzere kwa wotsogolera, kuti omvera asamasakesake kuti akunenedwayo ndi uti. Kuwerenga pa foni ndimakupewa. Dzanja lina lagwira maikolofoni, foni yazima yokha pakati pa chiganizo, kapena wina akuimba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno ku Dedza zala zimachita kuuma ndi chisanu m'mamawa, moti kutsetsereza galasi la foni kumavuta. Magetsi akazima holo imachita mdima, ndipo zilembo zazikulu zija ndi zimene zimakupulumutsa utasendera pawindo. Wolankhula nayenso abwere ndi pepala lake m'thumba.

Nanga wolankhula akakhala wosatha kulemba, kapena wabwera m'malo mwa wina mwadzidzidzi?

Zimachitika pafupifupi msonkhano uliwonse. Woitanidwa watumiza womuimira, kapena agogo odziwa mbiri ya dera alibe foni. Mutengereni pambali kwa mphindi zitatu mwambo usanayambe, mufunse zinthu zinayi: dzina ndi mmene akufuna kutchulidwira, kumene achokera, chimene amachita chokhudza mutu wa lero, ndi chimene akufuna anthu amve kwa iye. Lembani ziganizo zinayi kapena zisanu, kenako mumuwerengere kuti avomereze. Kuwerengera mwini wakeku musakudumphe, pakuti pali zinthu zimene munthu amakuuzani pa awiri koma sakufuna zimveke pa chimkuzamawu, monga matenda amene anadwala, ngongole ya gulu, kapena kuti ndi wamasiye. Pa zokambirana za umoyo izi n'zofunika koposa: za matenda a munthu anene yekha ngati afuna, zisachokere pa pepala la wotsogolera.

Womuimira wina afotokozedwe ndi dzina lake ndi ntchito yake, kenako chiganizo chimodzi chonena kuti wabwera m'malo mwa ndani. Pepala la amene sanabwereyo lichotseni pa mulu nthawi yomweyo, chifukwa mwambo ukayamba mudzangowerenga chimene chili pamwamba.